Nsalu Yoviikidwa

Chaka chimene ndinafunsira koyamba sikolashipi yokaphunzira kunja, chimene chinandigwetsa sichinali mayeso kapena Chingerezi. Fomu ndinailemba bwinobwino, satifiketi zonse ndinatumiza. Chinatsala chinali chimodzi: makalata awiri a umboni, ina yochokera kuntchito, ina kwa munthu amene anandiphunzitsa. Ya kuntchito inabwera. Inayo mpaka lero.

Mmene ndinapemphera ndi umu. Mayi amene anandiphunzitsa m'chaka chachitatu ku koleji ndinakumana nawo pa ukwati ku Zomba, pa nthawi ya perekaniperekani. Anali atangochoka kovina, akupukuta thukuta ndi kampango, ndipo pambali pawo panali amayi ena awiri. Ndinawagwira mkono ndi manja awiri, n'kudzitchula dzina ndi chaka chimene ndinamaliza, kenako n'kunena kuti, "Madamu, Mulungu ndi wabwino kuti ndakuonani. Ndikufuna mundilembereko kakalata ka umboni, ndinu nokha ndikudalira." Iwo anamwetulira. "Aa, palibe vuto mwananga. Udzandikumbutse." Ndinatenga nambala, ndinabwerera pampando mtima uli m'malo, ndipo sindinafunenso munthu wina.

Ndinawakumbutsa katatu. Koyamba anayankha kuti "Chabwino." Kachiwiri anati "Ndiona kumapeto a sabatayi." Kachitatu timizere tiwiri tija ta pa WhatsApp tinangosanduka tabuluu, basi. Tsiku lotseka linafika, linadutsa, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkati ndikamva dzina lawo chakudya chinkandiwawa m'kamwa. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti anthu akakwera amaiwala anzawo.

Amene ananditsegula m'maso anali malume anga, amene anagwira ntchito ya uphunzitsi wamkulu zaka zambiri. Nditawafotokozera, sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Anangoti, "Mphwanga, mayiwo anakukanira pa ukwati pomwe paja. Iwe ndiwe sunamve. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika."

Mwambiwu ndinkaudziwa kuyambira ku pulayimale, koma ndinkauona ngati wa ana okana ntchito ya akuluakulu. Wapemphedwa nsalu ndipo sukufuna kupereka, sunena kuti ayi. Umaiviika m'madzi kuti pakhale chifukwa chooneka. Sindinaganizepo kuti akuluakulu nawonso amaviika nsalu akapanikizidwa ndi ana. Koma taganizani mmene zinalili kwa mayi aja. Anandiphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, m'kalasi la anthu oposa 100, ine ndikukhala kumbuyo. Mwina nkhope anaikumbuka, koma za ntchito yanga ya m'kalasi analibe choti n'kulemba. Ndiye akanati bwanji pamaso pa anzawo awiri, ine nditawagwira mkono? "Pepa, sindikukukumbuka"? Kwathu kuno mawu amenewo satuluka pa ukwati. Chimene chimatuluka ndi "udzandikumbutse", "tiona", "ndiyesetsa", "tilankhulana". Onsewa ndi madzi oviikira nsalu.

Vuto la kukana kotereku si kukana kwenikweniko ayi. Vuto ndi loti kumadya nthawi ya wopempha. Akanandikanira tsiku lomwelo ndikanakhala ndi masabata asanu ofunira wina. Poti anandipatsa "inde" wonyowa, masabata asanuwo ndinawathera kuyang'ana foni.

Pali akatswiri amene anaifufuza nkhani imeneyi. Mu 2008, Francis Flynn ndi Vanessa Bohns, amene nthawi imeneyo ankalemba ndi dzina la Lake, anafalitsa zimene anapeza atatuma anthu ku New York kuti akapemphe zinthu zing'onozing'ono kwa anthu osawadziwa: kuyankha mafunso a papepala, kubwereka foni, kuperekezedwa pamalo ena. Asanapite ankawafunsa kuti akuganiza kuti apempha anthu angati kuti apeze ovomera okwanira. Pa za mafunso a papepala zija, opemphawo ankayembekezera kufunsa anthu pafupifupi 20 kuti apeze asanu. Anangofunsa pafupifupi 10. Anthu ambiri akamva zimenezi amati, basi, tizingopempha, anthu ndi abwino. Ine ndinamvapo china. Ofufuzawo anafotokoza kuti wopempha amaiwala mmene kukana kumavutira munthu ukamuyang'ana m'maso. Ena mwa ovomera aja mwina sanavomere chifukwa chofuna. Anavomera chifukwa kunena kuti ayi kunali kochititsa manyazi. Ngati zili choncho ku New York, kumene anthu amadziwika ndi kusazungulira polankhula, kuli bwanji kuno kumene mwana amaphunzira kuti "ayi" kwa mlendo ndi mwano?

Ukapempha kubwereka foni, "inde" wamanyazi amakwanira, chifukwa ntchito yathera pomwepo. Kalata ya umboni si choncho. Munthu amavomera lero, ntchito adzaigwira yekha usiku wina patsogolo, iwe palibe, manyazi aja atatha. Ndipo ngakhale atailemba mokakamizika, imatuluka kalata ya mizere inayi: ndimamudziwa, anali wakhalidwe labwino, ankabwera m'kalasi, ndikumufunira zabwino. Osankha amawerenga makalata mazanamazana ndipo yotereyi amaizindikira msanga. Siikunenera choipa chilichonse, koma imaonetsa kuti wolembayo analibe choti anene. Ndiye pa pempho la mtundu uwu, chimene ukufuna si "inde" wamba. Ukufuna yankho loona, ndipo ulifuna msanga.

Chaka chotsatira ndinayesanso, ndipo ndinayamba kusanache, kutatsala masabata asanu ndi limodzi. Ndinalemba mayina atatu papepala, osati limodzi. Ichi ndichinene poyamba chifukwa zina zonse zimatsamira pomwepa. Sungauze munthu moona mtima kuti akhoza kukana ngati ulibe kwina kolowera. Mawu ako adzanena kuti "musadandaule", koma kalembedwe kako konse kadzakhala kakulira, ndipo munthu wamkulu amamva kulirako.

Woyamba pa mndandanda anali bambo amene anayang'anira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, amene panthawiyi anali atakhala mkulu wa dipatimenti. Sindinawaimbire foni, sindinapite ku ofesi kwawo. Ndinalemba imelo, kenako n'kutumiza kauthenga kafupi pa foni kowadziwitsa kuti ndalemba. Imeloyo inali yotere:

"Adokotala, ndikhulupirira muli bwino. Ndine uje, munandiyang'anira pa kafukufuku wa za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe, tinkakumana Lachitatu masana. Ndikufunsira sikolashipi ya digiri yachiwiri ndipo akufuna kalata ya umboni yochokera kwa amene anandiphunzitsa. Ndi tsamba limodzi, ndipo iyenera kuwafika pasanafike pa 5 Novembala kudzera pa linki imene angakutumizireni pa imelo. Ndaphatikiza mbiri yanga ya maphunziro ndi ntchito, zotsatira za mayeso, ndi mfundo zisanu za zimene ndinachita pa kafukufuku uja, kuti musavutike kukumbukira. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yochonga, komanso papita zaka. Ngati nthawi siikulolani, kapena mukuona kuti simukundikumbukira mokwanira kuti mulembe kalata yamphamvu, mungondiyankha kuti 'ulendo uno ayi', sipafunika kufotokoza chifukwa. Pali ena awiri amene ndingawapemphe ndipo nthawi ikadalipo. Ndikapanda kumva kuchokera kwa inu pofika Lachisanu likubwerali, ndidziwa kuti ntchito yachuluka ndipo ndipita kwa enawo. Zikomo kwambiri chifukwa cha zonse zimene munandiphunzitsa."

Pali zinthu zingapo mu uthengawu zimene ndinazipeza movutikira, ndiye ndiziunike.

Choyamba, pempho lonse lili mu uthenga umodzi. Tili ndi chizolowezi chimene munthu wotanganidwa chimamutopetsa kwambiri: kulemba kuti "Mwadzuka bwanji bwana?" n'kukhala chete kudikira yankho. Akayankha, "Kunyumba ali bwanji?" Akayankhanso, "Ndinali ndi kankhani pang'ono." Kwa ife ndi ulemu, ndipo pakhomo pa munthu ndi ulemu ndithu, sungafike n'kuyamba nkhani usanalonjeredwe. Koma pa foni, munthu amene amalandira mauthenga makumi angapo patsiku akaona moni wa munthu amene sanalankhule naye zaka zitatu amadziwa kuti kumbuyo kwake kuli pempho, koma sakudziwa kukula kwake. Ndalama? Ntchito ya m'bale? Akayankha moniwo walowa kale mumsampha, chifukwa kukana pambuyo pocheza kumavuta kuposa kukana pachiyambi. N'chifukwa chake ambiri samayankha n'komwe. Moni uikemo, inde, koma mzere umodzi, pempho litsatire pomwepo.

Chachiwiri, ndinanena kukula kwa katunduyo. Pa ukwati paja ndinati "kakalata". Timakonda ka- ndi ti- popempha: kanthawi kochepa, kathandizo, timphindi tiwiri. Timaganiza kuti tikuchepetsa mtolo, koma tikungoubisa. Munthu sangayankhe moona ngati sakudziwa chimene akuvomera. Tsamba limodzi, tsiku lakuti, njira yakuti: akawerenga zimenezo akhoza kuyang'ana kalendala yake n'kuona ngati ola limodzi kapena awiri angapezeke. Ndipo zimene ndikanatha kusenza ndekha ndinasenza. Mfundo zisanu zija zinali zenizeni: midzi imene ndinayendera, vuto limene tinakumana nalo mvula itayamba msanga, mmene ndinalikonzera. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Si ntchito ya Adokotala kufufuza m'makabati kuti akumbukire kuti ine ndinali yani.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa khomo lotulukira, mawu aja omulola munthu kukana, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Kunena kuti "ngati simungathe palibe vuto" sikokwanira. Aliyense amanena zimenezo, moti mawuwo anatha mphamvu ngati "muli bwanji". Wopemphedwayo akadali ndi ntchito yovuta: kupeza mawu okanira amene sangakupweteke ndiponso sangamuonetse ngati wouma mtima. Kupeka mawu amenewo kumatenga nthawi kuposa kulemba "Chabwino", ndiye munthu wotanganidwa amalemba "Chabwino". Chimene ndinachita ine ndi kuwalembera ndekha mawu okanirawo. "Ulendo uno ayi." Mawu atatu, ndipo "ulendo uno" akutanthauza kuti ubale ukupitirira. Pambuyo pake ndinadzamva kuti Bohns yemwe uja ndi anzake awiri anayesa zofanana ndi zimenezi, n'kufalitsa zotsatira mu 2024: anthu amene anapatsidwa mawu enieni oti anene ngati akufuna kukana anadzimva omasuka kwambiri kusiyana ndi amene anangouzidwa kuti ali ndi ufulu wokana.

Ndinawapatsanso zifukwa ziwiri zokonzeratu, zonse zopanda manyazi: nthawi, ndi kutalika kwa zaka. Chachiwiricho n'chofunika kwambiri pa kalata ya umboni. Pali chifukwa chachitatu chimene palibe mphunzitsi angachinene, choti sankakuona ngati wophunzira wabwino kwenikweni. Ukamutsegulira khomo la "papita zaka", atha kutulukira pomwepo osakupweteka, ndipo iwe wapulumuka ku kalata ya mizere inayi ija. Tinene kuti ndinawatungira ndekha madzi oviikira nsalu, kusiyana kwake n'koti onse awiri tikudziwa tanthauzo lake tsiku lomwelo.

Chomaliza ndi Lachisanu lija. Pali anthu amene ngakhale uwapatse mawu, sangalembe "ayi" ndi chala chawo. Kwa otere, kukhala chete kuyenera kukhala yankho lololedwa, lokhala ndi tsiku lake. Ndikanena kuti pofika Lachisanu ndipita kwa ena, iwo sakhala ndi ngongole, ine sindikhala wodikira mpaka kalekale. Koma tsikulo likhale loyankhira, osati lomalizira ntchito, ndipo litalikirane ndi tsiku lotseka. Ine ndinapereka masiku asanu. Munthu aliyense pa mndandanda wanga akanatha kudya sabata imodzi, n'kutsalabe masabata atatu oti wovomerayo alembe modekha. Ndipo Lachisanu likadutsa, upitedi kwa wina. Ukabweranso Lolemba ndi "ndimangofuna kukukumbutsani", waonetsa kuti khomo lija linali lojambula pakhoma.

Makomo ojambula alipo ambiri, ndipo ndawagwiritsapo ntchito onse. "Ngati simukufuna basi" si khomo, ndi chitonzo, chifukwa wasandutsa kulephera kukhala kusafuna. "Mukhoza kukana, koma ndinu nokha ndikudalira" ndi kutsegula chitseko n'kuimirira pakhomo pomwepo. Kupepesa mizere isanu, "pepani kwambiri kukuvutitsani, ndikudziwa kuti sindine kanthu", kumamukakamiza munthu kuti ayambe kukutonthoza, ndipo njira yachidule yotonthozera wopempha ndi kuvomera. Kutuma mkulu wa mpingo kapena m'bale wake kuti akakupemphere kumatsekeratu zonse, pakuti tsopano akakana wakanira anthu awiri. Ndiye pali mauthenga a mawu aja, a mphindi zinayi. Munthu ali pa msonkhano sangamvere, akamvera sangabwerere msanga pamene panali deti, ndipo mawu ako onjenjemera ali m'khutu mwake ngati uli pomwepo.

Ndiyeneranso kuulula chinthu china chimene sichindisangalatsa. Mawu akuti "muli ndi ufulu wokana" ena amawagwiritsa ntchito ngati nyambo. Ku France, m'chaka cha 2000, Nicolas Guéguen ndi Alexandre Pascual anafalitsa kafukufuku wa anthu opempha ndalama ya basi mumsewu, ndipo anapeza kuti kuwonjezera mawu oti munthu ali ndi ufulu wovomera kapena kukana kunkachititsa kuti ambiri apereke. Kuyambira pamenepo ophunzitsa za malonda akhala akuwaphunzitsa ngati njira yopezera "inde". Mawu ake ndi omwewo, ndiye kusiyana sikuli m'kalembedwe. Kumaoneka pa zimene umachita munthu akakanadi. Ukayamba kunenerera ngati pamsika, "nanga theka la tsamba?", "nanga ndikalemba ndekha inu mungosaina?", ndiye kuti unali kuwedza.

Sindikunena kuti njira imeneyi ndi ya paliponse. Agogo anga kumudzi ku Ntcheu nditawalembera uthenga wonena kuti akapanda kuyankha pofika Lachisanu ndipita kwa ena, angafunse kuti mwana ameneyu analeredwa ndi yani. Kupempha munthu kuti akhale nkhoswe, kupempha malo olima, kupempha mkulu kuti akakulankhulire pa mlandu, zimenezo umapita wekha, umakhala pansi. Koma ngakhale kumeneko makolo anasiya khomo. Munthu wodziwa mwambo akamaliza kufotokoza amati, "Sindikuti muyankhe lero, muyambe mwaganiza, mukambirane ndi mayi," n'kutsanzika. Amapita pa nthawi imene palibe alendo. Ndi nzeru yomweyo: kumuchotsera munthu maso ako pa nthawi imene akusankha. Ndipo pa matenda kapena ngozi palibe za makomo. Umaimba foni usiku n'kunena kuti bwerani ndi galimoto.

Palinso mbali ina imene ndinadzaiona nditakhala ndi anthu pansi panga kuntchito. Wotanganidwa si bwana yekha. Mtsikana wa ku akaunti amene ali ndi malipoti a kumapeto a mwezi ndi wotanganidwa kuposa ine, ndipo ndikamupempha kuti andithandize kukonza bajeti ya ukwati wa mng'ono wanga, "ukhoza kukana" wochokera kwa ine samveka ngati zoona ngakhale nditalumbira. Pamenepo khomo liyenera kukula kwambiri, kapena pempholo lisapite n'komwe.

Adokotala anayankha Lachitatu m'mawa, mizere itatu. Anati ulendo uno ayi, ali ndi ophunzira ambiri oti awachongere ndipo akupita kunja sabata ziwiri. Anawonjezera kuti mayi amene anali wachiwiri wawo pa kafukufuku uja amandikumbuka bwino, ndipo awauza kale kuti ndiwalembera. Ndisaname, mawu oti "ayi" anandilasabe, ngakhale ndinawalemba ndine. Ndinayankha kuti zikomo poyankha msanga, muyende bwino, osawonjezera kanthu. Masana omwewo ndinatumiza uthenga womwe uja kwa mayiwo, nditangosintha mzere wa mmene timadziwirana, ndipo Lachisanu lija ndinalisiyamo, ndi "ulendo uno ayi" yemwe. Anandiimbira madzulo ndili mu minibasi ya ku Area 25, phokoso lili tho. Anafunsa ngati mudzi umene nkhokwe zinanyowa uja unali wa ku Dedza kapena wa ku Ntcheu, chifukwa ankafuna kuyambira pamenepo.